Mpando wa rositi ndi wa munthu mmodzi

Chaka chatha kuntchito kwathu tinakonza phwando lotsanzikana ndi madala ena amene ankapuma pantchito atagwira zaka 31. Achinyamata a mu ofesi anati zolankhula zazitali zija zimagonetsa tulo, bola tichite rositi, mwambo wosereula munthu pagulu iye atavomera, ngati imene amaonera pa kanema. Madalawo atafunsidwa anavomera ndi mtima wonse, chifukwa ndi munthu wansangala amene sakwiya msanga. Tsiku litafika tinawakhazika pampando kutsogolo kwa holo, ndipo m'holomo munali anthu pafupifupi 80: anzawo a kuntchito, mayi a kunyumba, ana awo awiri, alamu awo, alonda a pageti ndi amayi amene amatikolopera mu ofesi.

Olankhula atatu oyamba anachita bwino kwambiri. Woyamba ananena za galimoto yawo yakalekale imene siilira popanda kukankha, akuti alonda akangoona madala akutseka chitseko cha ofesi, amayamba kuvula majekete kukonzekera ntchito. Wachiwiri ananena za mawu awo aja akuti "ndilankhula mwachidule", amene aliyense ankadziwa kuti ndi chiyambi cha mphindi 40. Wachitatu anakumbutsa anthu kuti Manoma ikagonja Loweruka, foni ya madala imakhala yozima mpaka Lachitatu. Madala anaseka mpaka kutulutsa mpango wopukutira misozi, mayi a kunyumba akuwomba m'manja ndi kuloza amuna awo kusonyeza kuti zonsezo n'zoona.

Kenako anaimirira wachinayi, mnyamata wanzeru ndithu amene sindikhulupirira kuti anali ndi mtima woipa. Anayang'ana suti ya madala nati, "Madala, sutiyi ndi yanu kapena mwabwereka? Mwatha chonchi bwanji, kodi munasiya kukalandira kuchipatala?" Anthu ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa theka. Mnyamatayo ataona kuti sizinagwire, anawonjezera moto m'malo mobwerera. Anati madala asadandaule, penshoni yawo ngakhale ndi yochepa, bokosi lokha ikwanitsa. Anamaliza ndi kunena kuti anthu akwawo kwa madala adzaza maofesi onse m'tauni muno, ndiye mmodzi akachoka enafe tipumako. M'mphindi ziwiri zokha anakhudza matenda, imfa, umphawi ndi mtundu.

Ine ndinakhala pafupi ndi tebulo la banja, ndipo zimene ndinaona sindinaziiwale. Mayi a kunyumba anaweramitsa mutu n'kuyamba kupinda nsonga ya chitenje chawo pa bondo, kupinda n'kupindanso. Mwana wamkazi amene ankajambula ndi foni anaitsitsa n'kuiika chafufumimba patebulo. Mmodzi wa amayi okolopa aja anadzuka mwakachetechete n'kutuluka, ndipo sanabwerenso. Madala eni ake ankamwetulirabe, koma mano okha, maso ayi. Ambirife sitinkadziwa kuti anali ataonda chifukwa cha matenda a shuga, komanso kuti panali patangopita miyezi inayi chiikireni m'manda mng'ono wawo.

Maganizo anga ndi akuti imfa, matenda, umphawi ndi mtundu wa munthu zilibe malo mu rositi. Sindikunena izi chifukwa chodana ndi nthabwala zopweteka. Rositi yopanda ululu ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo amene wavomera kukhala pampando uja amadziwa kuti samupaka mafuta. Ndikunena izi chifukwa nkhani zinayizi zimaphwanya pangano limene limachititsa kuti rositi ikhale rositi, osati kutukwana munthu pagulu.

Mwambowu unakulira ku America, pa kalabu ya azisudzo yotchedwa Friars Club ya ku New York, cha m'ma 1950. Dzina lakuti rositi likutanthauza kuwotcha, ndipo eni akewo ankati amawotcha okhawo amene amawakonda. Kenako unalowa pa kanema, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa ambiri tinaudziwa bwino pamene wailesi ya kanema ya Comedy Central inayamba kuuchita ku South Africa mu 2012, pomwe anawotcha woimba Steve Hofmeyr mwambo ukutsogoleredwa ndi Trevor Noah. Kachitidwe kake sikasintha. Munthu mmodzi amavomera kukhala pampando, anzake amasinthana kumusereula, ndipo pamapeto iye amapatsidwa maikolofoni kuti abweze moto kwa aliyense. Mbali yomalizayi ambiri amaiona ngati yongotsekera mwambo, koma ndi imene imasunga ulemu wa munthuyo. Amatuluka ali chiimire chifukwa wayankha.

Pa phwando lathu lija, madala atapatsidwa maikolofoni anayankha atatu oyamba mmodzimmodzi. Kwa wa galimoto anati galimoto yokankhayo ndi yomwe inamunyamula mnyamatayo usiku umene mkazi wake ankachira, ndipo sanaikane. Kwa wa mphindi 40 anati ankalankhula nthawi yaitali chifukwa ankadziwa kuti ena m'chipindamo amamva pachitatu. Holo yonse inagwa ndi phwete. Atafika pa wachinayi anangoti "zikomo mwana wanga", n'kupita ku mawu othokoza. Kodi akanayankha chiyani? Akanaimirira pamaso pa anthu 80 n'kufotokoza zotsatira za magazi awo? Akanalengeza kuchuluka kwa penshoni yawo? Akanapepesa chifukwa chobadwira kumene anabadwira? Nthabwala ya galimoto ili ndi khomo lotulukira, chifukwa galimotoyo anaigula okha, anaikakamira okha, ndipo akhoza kuinyadira. Matenda, maliro, kusowa ndi mtundu munthu sasankha, choncho alibe poimira kuti abweze. Wasiyidwa ndi njira ziwiri zokha, kumwetulira mokakamiza kapena kukwiya n'kutchedwa wosadziwa kucheza.

Pali chinthu chachiwiri chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa choyambachi. Amene wakhala pampando wavomera yekha. Sanavomerere mkazi wake, ana ake kapena mlendo amene wakhala kumbuyo kwa holo. Nthabwala ya galimoto imagwera pa munthu mmodzi, chifukwa galimotoyo ndi ya munthu mmodzi. Koma ukaseka kuonda ndi "kukalandira kuchipatala", mwala umene waponyawo umagwera aliyense amene amakalandira kuchipatala. Ku Malawi kuno anthu pafupifupi miliyoni imodzi ali ndi kachilombo ka HIV. M'holo ya anthu akuluakulu 80, n'zosatheka kuganiza kuti mulibe ndi mmodzi yemwe amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo, kapena amene amasamala m'bale wake wotero. Anthu amenewa sanafunsidwe, sadzapatsidwa maikolofoni, ndipo sangasonyeze nkhope yokhumudwa chifukwa kutero n'kudziulula. Amayenera kuseka nawo pamene akusekedwa. Sindikudziwa chimene chinawatulutsa amayi okolopa aja, ndipo si udindo wanga kuwafunsa, koma ndikudziwa kuti iwo sanakhale pampando.

Pa nkhani ya matenda tiyenera kukumbukira kumene tachokera. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene kuonda kunkaonedwera. Munthu akangotsika thupi, anthu ankanong'onezana kuti ndi "kaliwondewonde" kapena "matenda a boma", ena n'kusiya kudya naye mbale imodzi. Boma litayamba kupereka mankhwala aulere m'zipatala mu 2004, vuto lalikulu silinali mankhwala okha, koma manyazi. Anthu ankadutsa chipatala cha pafupi ndi kwawo n'kukwera minibasi kukalandirira kutali kuti asaonedwe ndi anansi, ndipo ena mpaka lero amasamutsira mapiritsi m'botolo lina kuti asadziwike. Lamulo lokhudza HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu chifukwa cha kachilomboka, koma lamulo silingalowe m'holo kukaletsa phwete. Nthabwala iliyonse yonena za kukalandira mankhwala imauza mnyamata amene akuganiza zokayezetsa kuti akapezeka nako, anzake adzamuseka chonchi. Mtengo wa nthabwala yotere amalipira ndi munthu amene wachedwa kupita kuchipatala.

Si ife tokha amene tinaona izi. Pa 27 Malichi 2022, pa mwambo wopereka mphoto za Oscar, Chris Rock anaseka mutu wometa wa Jada Pinkett Smith, mayi amene anali atanena kale poyera kuti ali ndi matenda othothola tsitsi. Mwamuna wake, Will Smith, anakwera pansanja n'kumuwomba mbama Chris Rock dziko lonse likuonera, ndipo analetsedwa kupita ku mwambowu kwa zaka 10. Mbamayo inali yolakwa, sindikuikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Koma onani pamene zinayambira. Mayiyo sanakhale pampando wa rositi, sanavomere kanthu, analibe maikolofoni, ndipo chimene chinasekedwa ndi chinthu chimene thupi lake linachita popanda kumufunsa. Ngakhale amene anavomera ndi mtima wonse amadzazindikira mochedwa kuti chilolezo chawo chinali chaching'ono kuposa moto umene anayatsa. Katswiri wa mpira wa ku America Tom Brady anawotchedwa pa Netflix mu Meyi 2024, ndipo nthabwala zambiri zinakhudza kutha kwa banja lake. Pambuyo pake ananena yekha kuti zomuseka iye zinamusangalatsa, koma sangadzachitenso chifukwa cha mmene zinakhudzira ana ake.

Tsopano imfa, chifukwa apa ndi pamene anthu amanditsutsa kwambiri, ndipo mtsutso wawo ndi wolemera. Amati ife Amalawi timaseka pamaliro. Adzukulu kumanda amagemulana akukumba, amasereula ngakhale malemuwo. Pa siwa usiku anthu amakamba nthabwala pamoto mpaka kucha. Ku Zambia kuli chimbuya cha pakati pa Angoni ndi Abemba, kumene pamaliro a mtundu wina, a mtundu winawo amabwera kudzasereula ofedwa, kuwathira ufa ndi kuwalipiritsa tindalama. Ndiye akuti bwanji lero tiziti imfa siisekedwa, si chizungu chimenecho?

Zonsezi n'zoona, ndipo ndi chuma chathu. Koma tiyeni tione bwino amene amasekawo ndi ndani. Mdzukulu amene akugemula kumanda wafika mbandakucha ndi khasu lake, thukuta lili chuchuchu, matope ali m'mawondo, ndipo ndi iye amene atsikire m'dzenje kukalandira bokosi. Wa chimbuya amene akuthira ufa ofedwa ndi yemweyo amene akuthandiza ntchito za pamaliropo, ndipo tindalama timene akutolerato timathandiza pamaliro pomwepo. Ufulu wawo woseka anaugula ndi ntchito. Komanso ndi ngongole yobwezana, chifukwa mawa maliro akagwa kwawo, amene akusekedwa lerowa ndiwo adzagwire khasu ndi kubweza nthabwala. Ofedwa amadziwa kuti munthu ameneyu akundiseka pamene wasenza katundu wanga. Ndipo ngakhale adzukulu ali ndi malire awo. Sindinaonepo mdzukulu akupita m'nyumba ya siwa kukaseka mayi amene wataya mwana za mmene mwanayo anafera.

Mnyamata wa pa phwando lathu sanakumbe manda a mng'ono wa madala. Sankadziwa n'komwe kuti kunali maliro. Anatenga ufulu wa mdzukulu popanda kugwira khasu la mdzukulu. Ndipo vuto la imfa mu rositi ndi limeneli, kuti wolankhula sadziwa amene wafedwa posachedwa m'chipindamo. Pamaliro aliyense amadziwa chimene chatisonkhanitsa, pomwe pa phwando chisoni chimabwera chobisika m'masuti ndi m'madiresi. Ngakhale akatswiri a ku America, amene amadzitama kuti kwawo kulibe choletsedwa, anagundapo khoma limeneli. Pa rositi ya Justin Bieber mu 2015, ena anachita nthabwala za Paul Walker, wazisudzo amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 2013, pamene mnzake wapamtima Ludacris anali pansanja pomwepo. Nthabwalazo anazidula, sizinaulutsidwe pa kanema. Iwo anali ndi mwayi wodula chifukwa mwambo wawo umajambulidwa kaye n'kukonzedwa. Rositi ya pa ofesi, ya pa tsiku lobadwa kapena ya paphwando lotsanzikana ndi mkwatibwi ilibe lumo. Chimene chatuluka chatuluka.

Za umphawi sindichulutsa, chifukwa aliyense amene anabwezedwapo kusukulu chifukwa cha fizi akudziwa kale. Pali kusiyana pakati pa kuseka kuumira ndi kuseka kusowa. Munthu wa ndalama amene amazimitsa foni ikafika nthawi yolipira bilu, msekeni mpaka atuluke thukuta, chifukwa kuumira ndi khalidwe ndipo akhoza kulisiya mawa. Koma nsapato yong'ambika, nyumba ya lendi yodontha, ndiwo za bonya mwezi wathunthu, penshoni yosakwana, izi si khalidwe. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri amene ankadya katatu anayamba kudya kawiri popanda kulakwa kwawo kulikonse. Ndiponso taonani amene anaseka nthabwala ya penshoni ija ndi amene sanaseke. Anaseka ndi a matebulo akutsogolo. Alonda amene anaima kukhomo, amene malipiro awo safika ngakhale pa penshoni imene inkasekedwayo, anangoyang'ana pansi.

Mtundu ndiye nkhani imene timadzinamiza nayo kwambiri. Timati n'zocheza chabe, ndipo nthawi zambiri pakati pa mabwenzi zimakhaladi zocheza. Ine ndili ndi anzanga amene timasereulana za kwathu tsiku lililonse, wina za kalankhulidwe, wina za zakudya, ndipo palibe amasunga mangawa. Koma izi zimatheka chifukwa tili awiri kapena atatu, timadziwana zaka zambiri, aliyense amabweza nthawi yomweyo, ndipo wina akapitirira malire timaona nkhope yake n'kusiya. Chisuweni chimayenda chonchi, ndipo chimbuya chimayendanso chonchi, pakati pa magulu odziwika amene makolo awo anapangana kale. Palibe mwambo wathu umene umapereka chilolezo kwa munthu wa mtundu uliwonse kuti aimirire pagulu n'kunyoza mtundu uliwonse umene wafuna.

Komanso mawu akuti "mwadzaza maofesi" si mawu atsopano amene mnyamata uja anapeka. Ali ndi mbiri, ndipo madala a zaka zoposa 60 mbiriyo anaiona ndi maso. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya boma. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto amene ankaphunzitsa m'chigawo chapakati ndi chakumwera analamulidwa kubwerera kwawo, mabanja n'kusokonekera. Nkhani ya kota posankha ophunzira opita ku yunivesite inatigawanitsa zaka zambiri. Ndipo si kumpoto kokha. Nthawi iliyonse ya chisankho timamva mitundu ina ikutchulidwa kuti ndi yakuba, ina yosaphunzira, ina yokonda ufiti, malinga ndi amene ali m'boma. Munthu akanena mawu oterewa pa maikolofoni, sakuyambitsa nthabwala yake, akubwereza chiweruzo chimene chinachotsapo anthu pantchito ndi kutsekera ana sukulu. Mnyamata wobadwa cha m'ma 2000 akhoza kuona ngati n'zopepuka, koma amene akumumvera ena zinawachitikira.

Pamwamba pa zonsezi pali foni. Kale nthabwala inkathera m'chipinda mmene yanenedwa, pakati pa anthu amene akudziwa kuti wonenayo ndi wonenedwayo amakondana. Lero pa anthu 80, makumi awiri akujambula. Kanema wa masekondi 30 akafika pa WhatsApp kapena pa TikTok, amapita yekha, wopanda zaka 31 za ubwenzi, wopanda yankho la madala, wopanda kukumbatirana kwa pamapeto. Nthabwala ya galimoto ikayenda chonchi imakhalabe nthabwala ya galimoto. Ya kuonda ikayenda chonchi imasanduka mphekesera yakuti bambo uje akudwala chakuti, ndipo ikafika ku mpingo kwawo ndi kumudzi kwawo palibe amene angaibweze. Ya mtundu imasanduka umboni m'manja mwa anthu amene akufuna kuonetsa kuti "amatiganizira chonchi".

Ena amati nanga bwanji munthu akamaseka matenda ake kapena umphawi wa kwawo, si zomwezo? Ayi, si zomwezo. Munthu amene wachira ku matenda aakulu akamaseka za masiku ake a m'chipatala, ndi iye amene wagwira chiwongolero. Amadziwa pamene bala lapola ndi pamene likadali laliwisi, ndipo akhoza kuima pamene wafuna. Amene anakulira m'nyumba yodontha akamafotokoza mmene ankasunthira mphasa usiku wa mvula, akutiitana kuti tilowe m'nyumba mwake. Zimenezi sizipereka chilolezo kwa mlendo kuti athyole chitseko. Madala akanafuna kuseka shuga wawo akanatero pa nthawi yawo yoyankha, ndipo tikanaseka nawo momasuka.

Enanso amati ukayamba kuletsa nkhani zina, mawa udzaletsa zonse, ndipo azisudzo adzasowa chonena. Nkhawa imeneyi ndimaimvetsa, chifukwa dziko lino linadutsa m'nthawi imene nthabwala yolakwika inkatha kumugoneka munthu m'ndende. Sindikupempha lamulo, sindikupempha apolisi, ndipo sindikunena kuti wazisudzo pansanja yake asakambe za imfa kapena za umphawi. Wazisudzo akhoza kuseka mavuto a m'zipatala, kukwera kwa mitengo, ngakhale tsankho lenilenilo, chifukwa pamenepo akuloza vuto ndi amene akulibweretsa. Rositi ndi yosiyana chifukwa ili ndi munthu weniweni amene wakhala pampando, dzina lake likutchulidwa, banja lake lili pomwepo. Pamenepo nthabwala ya umphawi siloza umphawi, imaloza wosaukayo.

Ndiye amene akukonza rositi achite bwanji? Zimene tinaphunzira ife n'zosavuta, kungoti zimafuna munthu mmodzi wolimba mtima. Kutatsala sabata, wotsogolera mwambo akhale pansi ndi amene adzawotchedwe n'kumufunsa zimene sakufuna kuti zikhudzidwe. Afunsenso mkazi wake kapena mwamuna wake payekha, chifukwa mwini wake nthawi zambiri amati "chilichonse n'chabwino" poopa kuoneka wamantha, pomwe wa kunyumba ndi amene amadziwa za maliro a miyezi inayi yapitayo. Olankhula asapitirire anayi kapena asanu, aliyense mphindi zitatu kapena zinayi, chifukwa munthu zokonzekera zikamuthera ali chiimire ndi pamene amayamba kutola za thupi ndi za mtundu. Ndipo aliyense atumize nthabwala zake zolembedwa kwa wotsogolera kusanafike tsikulo. Ambiri amakana poyamba, amati zikhala zosakoma, koma nthabwala yolembedwa ndi kuyesedwa imakoma kuposa yongotulukira pakamwa.

Posefa, wotsogolera afunse za nthabwala iliyonse ngati chinthu chikusekedwacho munthuyo anachita yekha kapena chinangomugwera, ngati angathe kuyankha anthu n'kuseka, komanso ngati pali wina m'holomo amene mwalawo ungamugwere iye asanavomere. Titenge suti ija ya madala. Mnyamata uja anaona bwino kuti sutiyo ndi nkhani, anangolakwitsa poigwira. Sutiyo madala anaivala pa mwambo uliwonse wa kuntchito kwa zaka zoposa 20, ndipo ili pa chithunzi chilichonse chimene chapachikidwa mu ofesi. Akanatha kunena kuti sutiyo yagwira ntchito nthawi yaitali kuposa theka la anthu a m'holomo, ndipo nayonso ikuyenera kulandira penshoni yake. Pamenepo akuseka kukakamira kwa madala, chinthu chimene anasankha okha, ndipo madala akanayankha kuti suti yawo yaona mabwana asanu akubwera ndi kupita pomwe ya mnyamatayo ngongole yake sinathe. Chovala n'chomwecho, munthu ndi yemweyo, koma nthabwala yachoka pa thupi lodwala n'kupita pa khalidwe. Ya penshoni ikanatembenuzidwa n'kuloza chizolowezi chawo chosunga malisiti onse m'katoni kuyambira tsiku limene analembedwa ntchito. Ya mtundu ilibe pokonzera, imangofunika kufufutidwa.

Ngakhale mutasefa chotani, wina adzapatuka, choncho wotsogolera ayenera kudziwa kuwerenga holo. Kuseka kwabwino kumaphulika nthawi imodzi, anthu akuyang'ana wolankhula, ena akumenya tebulo. Kuseka kwa nthabwala imene yalakwika kumachedwa pang'ono, chifukwa anthu amayamba ayang'ana kaye wokhala pampando kuti aone ngati n'kololedwa kuseka. Mumamva "eee" kapena "aaa, iyayi" m'malo mwa phwete, amayi amagwira pakamwa, ndipo tebulo la banja limakhala zii. Zikatero wotsogolera asadikire kuti wolankhula adzikonze yekha, chifukwa munthu amene nthabwala yake yagwa amathamangira ina yoopsa kuposa yoyamba kuti abweze ulemu wake, monga anachitira mnyamata uja. Aimirire, ayambitse kuwomba m'manja, amuthokoze, atenge maikolofoni n'kuitana wotsatira. Ife tsiku lija wotsogolera anazengereza pa nthabwala ya suti, ndipo masekondi amene anazengerezawo ndi amene anabala ya bokosi ndi ya mtundu.

Mnyamata uja anapita kunyumba kwa madala Loweruka lotsatira, atatenga mnzake wamkulu woti amuperekeze. Madala anamulandira pakhonde, anamva kupepesa kwake, namuuza kuti nkhaniyo yatha. Mayi a kunyumba anabweretsa tiyi, anapereka moni, n'kubwerera kukhitchini osakhala nawo pansi. Kanema wa mphindi ziwiri zija anali atafika kale pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo, ndipo anthu awiri anali atawaimbira kale foni mayiwo kufunsa ngati abambo akudwala.